Za Kuyeza Nsonga ndi Zigwa za Maiko

Mwana aliyense amene anapondako m'kalasi m'dziko la Malawi anaphunzitsidwa kuti malo okwera koposa onse m'dziko muno ndiwo nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, imene kutalika kwake ndi mamita 3,002, ndi kuti malo otsika koposa onse ali kumwera kwa Nsanje, pamene mtsinje wa Shire utuluka m'dziko muno kulowa m'Mozambiki, pa mamita 37. Manambala awiriwa timawaloweza pamtima osawakayikira, ndipo ndi anthu owerengeka okha amene amaima ndi kufunsa kuti kodi anayeza ndani, anayamba kuyezera pati, nanga anadziwa bwanji kuti palibe mwala wina wokwera kuposa umenewo. Koma munthu akafunsa mafunso amenewa, sachedwa kuona kuti muyeso wa phiri uli ndi mbiri yake: anaupeza ndi anthu, anaulemba ndi anthu, ndipo anthu ena obwera pambuyo pao akhoza kuufafaniza ndi kulemba wina, phiri lili chikhalire pamalo pake.

Vuto loyamba, limenenso lili muzu wa mavuto ena onse, ndilo la poyambira. Tikati Sapitwa ndi mamita 3,002 sitinena kuti munthu wochoka ku Likhubula kapena pa boma la Mulanje adzakwera mamita onsewo, pakuti chigwa chimene phirilo laimamo chili kale pamwamba mamita mazana angapo. Tikuwerenga kuchokera pa nkhope ya nyanja yaikulu yamchere, imene anthu anapangana kalekale kuti ikhale ziro wa miyeso yonse. Koma nyanjayo siikhala bata kuti munthu aikepo chingwe chake. Imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku m'madooko ambiri, mphepo imaikankhira ku gombe, ndipo mwezi ndi dzuwa zimaikoka mosiyanasiyana m'kupita kwa zaka. Chifukwa chake oyeza malo amakumba chitsime pa dooko, cholumikizana ndi nyanja kudzera m'paipi yopapatiza kuti mafunde asavutitse madzi ake, naikamo chinthu choyandama chomangiriridwa ku cholembera, ndipo cholemberacho chimalemba kukwera ndi kutsika kwa madzi usana ndi usiku kwa zaka zambiri. Akaphatikiza miyeso yonseyo ndi kupeza pakatikati pake, pamenepo ndiye pa ziro. Angerezi anachita zotere pa dooko la Newlyn kuyambira 1915 kufikira 1921, ndipo mapiri a ku Mangalande akuwerengedwabe kuchokera pa ziro ameneyo.

Chodabwitsa n'chakuti ziro wa dziko lina salingana ndi wa dziko linzake, popeza madzi a nyanja saima pa muyeso umodzi m'madooko onse. Ajeremani amatenga wao ku Amsterdam, pamene anthu a ku Switzerland amatsata wa ku Marseille, ndipo awiriwa asiyana ndi masentimita 27. Pamene maiko awiriwa ankamanga mlatho pa mtsinje wa Rhine ku Laufenburg, aliyense kuyambira kutsidya lake, amisiri ankadziwa bwino lomwe za kusiyanaku, koma pokonza masamu wina anaonjezera pamene anayenera kuchotsera, kotero kuti m'chaka cha 2003 kunaoneka kuti mbali ziwirizo zasemphana ndi masentimita 54. Ngati zotere zichitika pa mlatho umene amisiri akuuona ndi maso, tisadabwe tikapeza mabuku awiri akusemphana ndi mita imodzi kapena ziwiri pa phiri la pakati pa Afirika, makamaka m'dziko lopanda gombe monga lathu, limene ziro wake anachita kubwera ulendo wautali kuchokera ku nyanja kudutsa m'maiko a eni.

Ziro ameneyu amayenda naye motere. Woyeza amaimika levulo, ndiko kuti kagalasi koonera patali kokhazikika pa miyendo itatu, kamene kamayang'ana mopingasa ndendende, pakati pa anyamata awiri onyamula ndodo zolembedwa manambala. Tinene kuti mnyamata wa kumbuyo waimika ndodo yake pa chizindikiro chimene kutalika kwake kudziwika kale kuti ndi mamita 100. Woyeza akasuzumira nawerenga 1.850 pa ndodoyo, adziwa kuti diso la levulo lili pa mamita 101.850. Atembenuka tsono nayang'ana ndodo ya kutsogolo, nawerengapo 0.620, ndipo akachotsa nambalayi apeza kuti nthaka ya pamenepo ili pa mamita 101.230. Kenaka anyamula levulo, wa kutsogolo uja asanduka wa kumbuyo, nayambanso, mamita makumi asanu kapena kupitirirapo pang'ono ulendo uliwonse, m'mphepete mwa njanji ndi misewu, kwa miyezi ndi zaka; indetu kuona maso a nkhono n'kudekha. Levulo amaiika pakatikati pa ndodo ziwirizo mwadala, kuti ngati yapendekeka pang'ono, cholakwa cha kumbuyo chifafanizane ndi cha kutsogolo. Ndipo pofuna kudziwa ngati ntchito yayenda bwino, amabwerera ndi njira yomweyo kapena kuzungulira kufikira pamene anayambira. Akapeza kuti 100 uja wasanduka 100.400, adziwa kuti penapake ndodo inatitimira m'matope kapena nambala inalembedwa molakwa, ndipo chigawo chonsecho achibwereza. M'njira monse amasiya zizindikiro, kachitsulo ka mkuwa kokhomeredwa pa mlatho, pa thanthwe kapena pa khoma la ofesi ya boma, ndipo kutalika kwa chilichonse kumalembedwa m'kaundula wa dipatimenti yoyeza malo.

Koma levulo siingakwere phiri la matanthwe ndi maphompho, ndipo apa pafunika nzeru ina, ya makona. Oyeza amayala mzere umodzi pa chigwa, nauyeza mosamala kwambiri, ndipo ali pa mathero ake awiri amaloza nsonga ya phiri ndi chida choyezera makona, chimene amachitcha tiyodolaiti. Munthu akadziwa mbali imodzi ndi makona awiri a chinthu cha nsonga zitatu, masamu amuuza mbali zotsalazo popanda iye kupondako, ndipo akadziwa mtunda wofika pa phiri pamodzi ndi kona imene anakwezera galasi lake kuti aone nsonga, apeza kutalika kwake. Zipilala za simenti zimene tiziona pa nsonga za mapiri athu, zimene anthu amati mabikoni, ndi za ntchito imeneyi. Boma la Mangalande linakhazikitsa bungwe loyeza maiko a pansi pa ulamuliro wake m'chaka cha 1946, ndipo m'zaka zotsatirazo ndege zinajambula zithunzi za maiko ambiri a muno m'Afirika, Nyasalande pamodzi, pamene oyeza a pansi ankakwera mapiri kuti zithunzizo zikhale ndi pomangirira. Mapu akuluakulu okhala ndi mizere yoonetsa kukwera kwa nthaka anabadwa m'ntchito imeneyo.

Palibe mbiri imene ionetsa mphamvu ndi kufooka kwa njira ya makona koposa ya phiri la Everest, limene ndilo malo okwera koposa a maiko awiri, Nepal ndi China. Ntchito yoyeza dziko la India inayamba mu 1802 pansi pa William Lambton, ndipo anaipitiriza George Everest, kenaka Andrew Waugh. Atafika kumpoto, kumene mapiri a Himalaya aoneka, anapeza kuti mafumu a Nepal salola Angerezi kulowa m'dziko lao, motero anayenera kuyeza ali kutali m'zigwa za malungo. M'chaka cha 1849 James Nicolson analoza phiri lina losadziwika dzina kuchokera pa malo angapo, oyandikira koposa ali pa mtunda wa makilomita oposa 170, ndi tiyodolaiti yolemera kotero kuti inkanyamulidwa ndi amuna khumi ndi awiri, mpaka malungo anamgwira namubweza. Manambala ake anapita ku ofesi, kumene katswiri wa masamu wa ku Bengal, Radhanath Sikdar, anawawerengera nazindikira mu 1852 kuti phiri limenelo, lolembedwa m'mabuku ao ndi nambala chabe ya XV, lipambana Kangchenjunga, limene anthu ankaliyesa lalitali koposa.

Waugh sanafulumire kulengeza, ndipo chifukwa chake n'choyenera kuchimvetsa. Dziko ndi lobulungira, kotero kuti chinthu chakutali chimabisika pang'ono kuseri kwa kupindika kwake. Pa makilomita khumi kupindikako kumameza pafupifupi mamita asanu ndi atatu, koma kumakula mofulumira ndi mtunda, ndipo pa makilomita 170 kumameza mamita oposa 2,000. Zimenezi masamu azikonza mosavuta, pakuti ukulu wa dziko udziwika. Chovuta ndi mpweya. Kuwala kochokera ku nsonga ya phiri sikuyenda molunjika, koma kumapindika podutsa m'mpweya wopyapyala wa kumwamba kulowa m'mpweya wochindikala wa m'chigwa, ndipo phiri lioneka lalitali kuposa mmene lilili. Pa mtunda wotere kunyenga kumeneku kufika mamita mazana atatu kapena kuposa, ndipo kumasintha ndi kutentha kwa tsiku, kotero kuti phiri loyezedwa m'mawa ndi loyezedwa masana lipereka makona osiyana. Woyeza ayenera kuganizira kuti achotse zingati, ndipo akaphonya pang'ono, phiri lakula kapena lafupika ndi mamita makumi angapo. Atabwereza masamu kwa zaka zinai, Waugh analengeza mu 1856 kuti phirilo ndi mapazi 29,002, ndiwo mamita 8,840. Poganizira zida za nthawi imeneyo ndi mtunda umene anaimapo, kuphonya ndi mamita osakwana khumi ndi ntchito yoyenera ulemu.

Zaka zana zitapita, Nepal atatsegula zipata zake, oyeza a dziko la India anafika pafupi ndi phirilo pakati pa 1952 ndi 1954, ndipo popeza tsopano kuwala kunkadutsa mpweya wochepa, anapeza mamita 8,848, nambala imene inakhala m'mabuku kwa mibadwo iwiri. Pambuyo pake mkangano unabuka pa funso lina, lakuti nsonga ya phiri ndi chiyani. Pamwamba pa Everest pali chipale chosasungunuka. Mu 2005 oyeza a ku China anayeza kuzama kwake napeza mamita atatu ndi theka, ndipo analengeza kuti phirilo ndi mamita 8,844.43, kuwerenga pa thanthwe lenileni. A ku Nepal anakana, nati munthu wofika pamwamba amaponda chipale, ndipo chipalecho ndicho nsonga. Onse awiri ananena zoona, pakuti ankayeza zinthu ziwiri zosiyana. Ndipo mu 2015 chivomezi chachikulu chitagwedeza Nepal, ena anayamba kufunsa ngati phirilo silinatitimire.

Pa nthawiyi zida zinali zitasintha. Woyeza wa masiku ano amakwera ndi kabokosi kolandira mauthenga a masetilaiti, nakaimika pa nsonga kwa kanthawi, pamene anzake aimika ena otere pa zizindikiro zodziwika m'munsi, ndipo malo a nsongayo adziwika mpaka pa masentimita ochepa. Komabe wina asaganize kuti vuto la ziro latha. Masetilaiti sadziwa nyanja. Iwo amawerenga kutalika kuchokera pa mpira wosalala wongopangidwa ndi masamu, umene m'malo ena usiyana ndi nkhope ya nyanja ndi mamita ofika zana limodzi. Kuti apeze pamene nyanja ikanaima ikadalowa pansi pa phirilo, oyeza ayenera kuyenda m'dera lonse ndi chida choyezera mphamvu imene dziko likokera nayo zinthu pansi, popeza miyala yolemera ya mapiri imakokera madzi kwa iyo, ndipo nkhope ya nyanja ikanatukuka kapena kutsika motsata mphamvuyo. Oyeza a ku Nepal anafika pa nsonga mu Meyi 2019, usiku kusanache, pofuna kupewa khamu la okwera phiri, ndipo mtsogoleri wao, Khim Lal Gautam, anataya chala cha kuphazi chifukwa cha chisanu. A ku China anakwera mu Meyi 2020. Maiko awiriwa ataika manambala ao pamodzi analengeza pa 8 Disembala 2020 kuti phirilo, pamodzi ndi chipale chake, ndi mamita 8,848.86.

Pa Everest chimene chinkasintha makamaka ndi luso la anthu ndi mapangano ao, koma alipo mapiri amene asinthadi okha. Ku New Zealand, pa 14 Disembala 1991, nsonga ya Aoraki inagumuka usiku, ndipo mamita 3,764 anatsika kufika pa 3,754. Madzi oundana otsala pamwambapo anapitirira kukokoloka, ndipo muyeso wolengezedwa mu 2014 unali 3,724. Ku Sweden nkhani yake njoposa pamenepa, pakuti phiri la Kebnekaise lili ndi nsonga ziwiri, ya kumwera yovala madzi oundana ndi ya kumpoto ya thanthwe lokhalokha, ya mamita 2,096.8. Ya kumwera inali yaitali kuyambira kale, koma yakhala ikusungunuka, ndipo akatswiri a yunivesite ya Stockholm, amene amaiyeza chaka ndi chaka pakutha kwa nyengo yotentha, anapeza mu 2019 kuti yatsikira pa 2,095.6. Ufumu unachoka kwa mkulu kupita kwa mng'ono, ndipo mabuku a ana a sukulu anayenera kulembedwanso. Sapitwa alibe vuto lotere, popeza ndi mwala wolimba wopanda chipale, ndipo ngati nambala yake idzasintha, chidzakhala chifukwa cha zida zatsopano kapena ziro watsopano.

Za malo otsika anthu sakamba zambiri, chifukwa palibe amene amapita kukakhoma mbendera m'dambo, koma kwa ine nkhani yake ndi yokoma mofanana. Dziko lokhala ndi gombe, monga Mozambiki, silivutika, pakuti malo ake otsika ndi nyanja yomwe, pa ziro, pokhapokha likhale ndi chigwa chotitimira kuposa nyanja, monga nyanja ya mchere ya Assal ku Djibouti, imene ili mamita 155 kunsi kwa ziro ndipo ndiyo malo otsika koposa m'Afirika monse. Dziko lopanda gombe kawirikawiri silichita kufunafuna m'zigwa zonse, koma litsata madzi, pakuti madzi saiwala khwawa, ndipo m'maiko ambiri otere pamene mtsinje waukulu utulukira m'malire ndi pomwe pali potsika pake. N'chifukwa chake ku Zimbabwe amaloza pokumanira Runde ndi Save, pa mamita 162, ndi ku Lesotho pokumanira Senqu ndi Makhaleng, pa mamita 1,400, malo otsika amene ali okwera kuposa a dziko lina lililonse.

Kwathu kuno Shire amatuluka m'nyanja ku Mangochi pa mamita pafupifupi 474, nayenda mwaulesi kudutsa Malombe ndi Liwonde, kenaka nagwa pa mathithi a Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira, kumene amataya mbali yaikulu ya kukwera kwake, ndipo akafika ku Chikwawa watsala ndi pang'ono. Pa Chiromo amalandira Ruo, amene amachokera pa phiri la Mulanje lomwe, ndipo kuyambira pamenepo Shire ndiye malire, kufikira mzere wa malire upatuka kulowera kumadzulo kumunsi kwa Nsanje. Malo a mamita 37 ali pamenepo. Tsono taonani kuti malowa sanasankhidwe ndi chilengedwe, popeza mtsinje upitirira kutsika mpaka ku Zambezi osadziwa kuti wasintha dziko. Anawasankha ndi Angerezi ndi Apwitikizi m'pangano lao la 1891, ndipo akanakoka mzere wao makilomita makumi awiri kumwera kapena kumpoto, ana athu akanaloweza nambala ina.

Ndiponso nambala ya malo otere siingakhale yolimba monga ya thanthwe. Mtsinje umakwera m'dzinja ndi kuphwa m'chilimwe, ndipo madzi osefukira, onga a 2015 ndi a namondwe wa Freddy mu 2023, amatuta mchenga apa ndi kuunjika apo, mwinanso kukumba khwawa latsopano. Ngakhale nyanja imene imamwetsa Shire siikhala pamodzi. Pakati pa 1915 ndi 1935 inatsika kotero kuti mtsinje unaleka kutulukamo monga mwa masiku onse, ndipo mu 1980 inakwera kufika pafupifupi mamita 477. Motero 37 tiyenera kumumva ngati nambala yozungulira, yosonyeza mmene malowo amakhalira nthawi zambiri, ndipo wolemba buku amene angaonjezerepo masentimita angakhale akudzitama ndi chimene alibe.

Pali funso limodzi limene ana anzeru amafunsa, ndipo aphunzitsi ambiri amasowa poyankha. Nyanja ya Malawi ndi yakuya mamita pafupifupi 700 cha kumpoto kwake, ndipo ngati nkhope yake ili pa 474, ndiye kuti pansi pake pali mamita oposa 200 kunsi kwa nyanja yamchere. Nanga bwanji satchula pamenepo? Yankho ndi lakuti olemba mabuku otere anazolowerana kuti awerenge nthaka youma ndi nkhope ya madzi, osati matope a pansi pa nyanja, ndipo mwambowu ugwira pa Tanganyika ndi pa Baikal chimodzimodzi. Koma mwambo womwewu umabala zake pa Nyanja Yakufa, imene gombe lake ndilo malo otsika koposa pa dziko lonse lapansi. Popeza madzi a Yordano amapatutsidwira ku minda ndi ku mizinda asanafike kumeneko, ndipo makampani okumba mchere amaumitsa ena m'maiwe ao, nyanjayo ikutsika pafupifupi mita imodzi chaka chilichonse. Mabuku a zaka za m'ma 1960 ankalemba mamita osakwana 400 kunsi kwa ziro, a masiku ano alemba oposa 430, ndipo wofuna kutchula nambala ya malo amenewo ayenera kutchulanso chaka chimene anaiyeza.